Pa Boma

M'mawa wa Lachisanu, Chikondi adalandira uthenga pa foni kuchokera kwa msuweni wake Tadala wonena kuti, "Asuweni, tikumane pa Boma mukaweruka, ndili ndi katundu wa agogo."

Chikondi ankagwira ntchito pasitolo ina ku Salima, ndipo kwa iye Boma linali la Salima basi. Koma Tadala, yemwe ankaphunzitsa ku Benga, ankanena za Boma la Nkhotakota, kumene adakonza zokagula mpunga wa kilombero ndi usipa woti Chikondi akapereke kwa agogo awo ku Khombedza.

Itakwana 5 koloko, Chikondi adaima pa Kamuzu Road, akusuzumira m'minibasi iliyonse yochokera kumpoto, pamene Tadala adali atakhalira thumba la mpunga pafupi ndi msika wa Nkhotakota, foni yake itatha moto. Azakhali awo atamva kuti mwana sakupezeka, adayamba kuimbira abale onse, mpaka amalume adapalasa njinga kukafunsa kuchipatala.

Usiku, Tadala adabwereka foni ya mayi wogulitsa mandasi.

"Asuweni, muli kuti? Ndakudikirani pa Boma mpaka mdima!"

"Inenso ndili pa Boma pano," adayankha Chikondi motopa. "Kodi inu mukunena Boma liti?"