Malangizo a wogona pa foni: kuyang'anira mitolo ya malonda yofika usiku

Malangizo awa ndi a inu anzanga atatu amene tikusinthana foni ya usiku kuyambira Lachinayi, pa 13 Novembala 2025. Nyengo ya mbewu ndi feteleza yafika, madipoti athu 14 akugulitsa mpaka mdima, ndipo a kuofesi ya ndalama amaitanitsa katundu potengera lipoti la 07:00. Lipotilo likanama, lole imanyamula matumba kupita ku Petauke kumene alipo kale, pomwe ku Lundazi alimi akubwerera chimanjamanja.

Mawu akuti `SUCCESS` pa sikirini amangotanthauza kuti pulogalamu yalowetsa zimene yapeza mufoda. Ikapeza mafayilo 11 m'malo mwa 14, imalembabe `SUCCESS`. Ikalowetsa malonda a dipoti imodzi kawiri kuchokera m'mafayilo awiri osiyanako pang'ono, chimodzimodzi. Choncho ntchito yanu ndi kuwerenga zimene zafika n'kuziyerekeza ndi zimene timayembekezera, usiku uliwonse, ngakhale alamu isanalire.

Mmene usiku umayendera

Dipoti iliyonse ikatseka, kompyuta yake imatumiza mtolo wa tsikulo ku seva yathu kuno ku Lusaka. Mtolo ndi mafayilo awiri: `malonda_chipata_2025-11-13.csv`, momwe muli malonda onse, ndi kafayilo ka `malonda_chipata_2025-11-13.ok`, momwe mwalembedwa chiwerengero cha mizere ndi ndalama zonse m'mangwee. Kafayilo kachiwirika kamatumizidwa pomaliza, ndiye ngati palibe, dziwani kuti kutumiza kudadukira panjira.

Mitolo yonse iyenera kufika pomakwana 23:30. Pulogalamu yolowetsa imayamba 01:00, n'kubwerezanso 04:30 kutolera zochedwa. Ikamaliza imatumiza meseji pafoni ya usiku. Ikakwana 01:20 meseji isanabwere, dzukani. Pulogalamu imene sinayambe n'komwe singalize alamu, ndiye foni ikangoti zii musaganize kuti zonse zili bwino. Lowani pa seva muone ngati `cron` inayambitsa ntchitoyo komanso ngati disiki sinadzaze:

```
df -h /data
TZ=Africa/Lusaka date
```

Lamulo lachiwirilo ndaliika chifukwa wotchi ya seva imatsata `UTC`, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri chaka chonse. Ntchito ya 01:00 mu `crontab` yalembedwa `0 23 * * *`, ndipo nthawi imeneyo seva imakhala ikadali pa deti la dzulo. Musakonze mzere umenewo poganiza kuti ndi wolakwika.

Mtolo wosafika

Funsani motere, mutasintha deti kukhala la malonda amene mukuyang'ana:

```sql
SELECT d.dipoti
FROM madipoti d
LEFT JOIN mitolo m ON m.dipoti = d.dipoti
  AND m.tsiku = DATE '2025-11-13'
WHERE d.yotsegula AND m.dipoti IS NULL;
```

Deti likhale pomwe lilipo, pa `ON`. Mukalitsitsira ku `WHERE`, madipoti osowawo amatayika pa yankho, inu n'kukagona mukuganiza kuti zonse zafika.

Dipoti ikatuluka pa mndandandawu, musathamangire kuimba foni. Yang'anani kaye kalendala ya masiku otsegula. Madipoti a Matero, Chilenje ndi Kamwala amagulitsa ndi Lamulungu lomwe, koma akumadera satsegula. Patchuthi, monga pa 24 Okutobala kapena pa Khirisimasi, ambiri amatseka, ndipo timayembekezabe mtolo wopanda mizere wokhala ndi `.ok` yolembedwa `0`. Tidapangana dala kuti otseka azitumizabe, kuti tizisiyanitsa “lero sitinagulitse” ndi “sitinatumize”. Koma mtolo wa `0` ukachokera ku Chipata Lachinayi la mu Novembala, umenewo muuwerenge ngati wosafika.

Kawirikawiri chifukwa chake ndi magetsi kapena netiweki. Magetsi akazima madzulo, batire la kompyuta limatha fayilo isanatuluke, ndipo imadzatumizidwa yokha magetsi akabwera. Nyengo ya mvula ino zimachitika kwambiri ku Katete ndi ku Lundazi. Dipoti imodzi kapena ziwiri zikasowa 01:20, lembani m'buku n'kudikira 04:30. Oyang'anira madipoti amakhala ataimirira tsiku lonse, musawadzutse pakati pa usiku pa chinthu chimene sangakonze mumdima. Aimbireni 06:00 ngati mtolo sunafikebe, ndipo yambani ndi moni: “Mwadzuka bwanji, bambo? Pepani ndakulawirirani, za dzulo sizinafike kuno. Kodi kompyuta yayaka?”

Akasowa madipoti asanu kapena kuposerapo nthawi imodzi, vuto nthawi zambiri limakhala kwathu kuno: disiki, khomo la `SFTP`, kapena intaneti ya kuofesi. Pamenepo ndiimbireni, kaya ndi 02:00.

Mtolo wofika woduka

Uwu ndi woipa kuposa wosafika, chifukwa dzina lake limaoneka mufoda. Yerekezani mizere ndi zimene `.ok` ikunena:

```
tail -n +2 malonda_katete_2025-11-13.csv | wc -l
cat malonda_katete_2025-11-13.ok
```

`tail -n +2` imadumpha mzere woyamba wa mitu. Manambala akasiyana ndi mzere umodzi wokha, onani kumapeto kwa fayilo, poti `wc -l` imawerenga zizindikiro zothetsera mzere, ndipo mzere womaliza ukakhala wopanda chizindikirocho suwerengedwa. Ngati mzerewo uli wathunthu ndipo mangwee akugwirizana, mtolo uli bwino. Ngati wathera pakati pa nambala, sunthirani mafayilo onse awiri ku `/data/zokayikitsa` ndipo dipotiyo muiwerenge ngati yosafika. Musalowetse theka n'cholinga choti lipoti lioneke lodzaza.

Mtolo wochedwa ndi masiku

Nthawi zina mtolo wa Lolemba umafika Lachitatu. Pulogalamu imaulowetsa pa tsiku lake lenileni, koma lipoti la Lolemba silidzikonza lokha. Mukaona fayilo ya deti lakale, yendetsani `konzanso_lipoti 2025-11-10` ndi deti loyenera, kenako dziwitsani a ndalama kuti nambala ya tsikulo yasintha. N'chifukwa chake funso la mitolo yosafika lija muzilifunsanso pa masiku asanu ndi awiri apitawo, osati dzulo lokha.

Mtolo wolowa kawiri

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene tidapsa. Mwezi wa Disembala chaka chatha, dipoti ina itaona kuti netiweki ikudukaduka idatumiza fayilo kawiri, yachiwiri itasinthidwa dzina. Ine ndidaona alamu ya mtolo wochedwa, ndidayendetsanso pulogalamu osayang'ana zimene zidalowa kale, ndipo malonda a tsikulo adawerengedwa kawiri. Zosowa zimaonekera msanga, chifukwa wina amafunsa kuti bwanji lero zachepa. Nambala yokwera palibe amaidandaula. Zidatenga masiku anayi, mpaka a ndalama ataona kuti zopita kubanki sizikugwirizana ndi lipoti, ndipo woyang'anira dipotiyo adafunsidwa mafunso ngati wakuba, alibe mlandu uliwonse. Sindikufuna kuti zimenezi zidzamuchitikirenso munthu chifukwa cha ife.

Kuchokera pamenepo, fayilo iliyonse imayesedwa ndi `sha256sum` isanalowe. Mafayilo awiri ofanana ndendende amatulutsa nambala imodzi ngakhale mayina atasiyana, ndipo yachiwiri imakanidwa. Zimenezi sizigwira fayilo imene yasinthako pang'ono. Wapakauntala akakonza lisiti imodzi n'kutumizanso tsiku lonse, nambalayo imasinthiratu, fayilo n'kulowa ngati yatsopano. Imeneyo mumaigwira ndi funso ili:

```sql
SELECT dipoti, lisiti, mzere, COUNT(*)
FROM malonda
WHERE tsiku >= DATE '2025-11-07'
GROUP BY dipoti, lisiti, mzere
HAVING COUNT(*) > 1;
```

Likabweza mizere, musafufute kalikonse kaye. Makina a pakauntala akakonzedwa n'kuikidwa pulogalamu mwatsopano, manambala a malisiti amayambanso pa 1, moti malisiti awiri a nambala imodzi angathe kukhala a anthu awiri osiyana. Ichi n'chifukwa chake sitinaike `UNIQUE` pa nambala ya lisiti. Yerekezani nthawi yogulitsira, katundu ndi ndalama. Zikasiyana, ndi malonda enieni, asiyeni. Zikafanana zonse ndipo mizereyo ndi mazanamazana a dipoti imodzi, ndiye kuti mtolo walowa kawiri.

Funso lotsatira ndi lakuti mtolo woona ndi uti. Musaganize kuti wofika pomaliza ndiwo wolondola, poti nthawi zina kompyuta imatumizanso fayilo yakale imene idatsalira. Funsani woyang'anira dipoti ndalama zonse zimene adatsekera nazo, ndipo mtolo umene `.ok` yake ikugwirizana ndi nambalayo ndiwo utsale. Kuchotsa winawo muzichita muli awiri, wina akulemba wina akuyang'ana, ngakhale pafoni, mutasintha `4187` kukhala nambala ya mtolo umene mukuchotsa:

```sql
BEGIN;
DELETE FROM malonda WHERE mtolo = 4187;
UPDATE mitolo SET wochotsedwa = true WHERE id = 4187;
```

Onani nambala imene `DELETE` yabweza. Ikafanana ndi mizere ya mtolowo, lembani `COMMIT;`. Ikasiyana ngakhale ndi mzere umodzi, lembani `ROLLBACK;` n'kundiimbira. Fayilo yeniyeniyo isafufutidwe, ipite ku `/data/zokayikitsa`. Ngati 07:00 ikuyandikira musanapeze woyang'anira dipoti, ichotseni dipotiyo pa lipoti la tsikulo ndi `bisa_dipoti katete 2025-11-13` m'malo molingalira nokha.

Ndipo musanayendetsenso pulogalamu yolowetsa pamanja, pa chifukwa chilichonse, onani kaye mu `mitolo` zimene zalowa kale za tsikulo.

Kudziwitsa a ndalama

Pakakhala chilichonse chosakwanira, meseji ifike kwa amayi oyang'anira za ndalama isanakwane 06:30, asanatsegule lipoti. Muwauze zimene zikusowa, zimene angakhulupirire, ndi nthawi imene mudzawauzenso. Mawu a zamakina asiyeni m'buku lathu. Mwachitsanzo:

“Mwadzuka bwanji, amayi. Lipoti la malonda a pa 13 Novembala lili ndi madipoti 12 mwa 14. Za ku Lundazi sizinafike, magetsi adazima kuyambira madzulo. Za ku Katete zalowa kawiri ndipo tazichotsa kaye pa lipoti mpaka titamva kwa oyang'anira. Madipoti enawo tawayerekeza ndipo ali bwino. Chonde musaitanitse katundu wa madipoti awiriwa potengera lipoti la lero. Ndikudziwitsaninso 09:00.”

Ikakwana 09:00 alembereninso, ngakhale palibe chasintha.

Pomaliza ntchito m'mawa, lembani m'buku la usiku nthawi imene meseji ya 01:00 ndi ya 04:30 zinafika, madipoti amene anasowa, mafayilo amene mwasunthira ku `/data/zokayikitsa`, ndi amene mwalankhula nawo. Dipoti ikachedwa katatu pa sabata imodzi, ikeni chizindikiro pambali kuti Lolemba tikambirane zowagulira batire lina. Foni muipereke m'manja mwa wotsatira ili ndi moto, pamodzi ndi tchaja yake.