Tizilankhula naye bwanji wophunzira amene tikumukayikira kuti walembetsa makina

Aphunzitsi anzanga a m'dipatimenti ya zilankhulo,

Teremu ino yokha, anayi mwa inu mwandipeza mu ofesi mutanyamula chimangirizo, ndipo mawu anu akhala amodzimodzi: "Mwana uyu sanalembe yekha." Mwina mukunena zoona. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, ndiponso chiloŵereni Meta AI pa WhatsApp kuno kwathu mu 2024, mwana wa Fomu 3 wobwereka foni ya mlongo wake akhoza kupeza masamba awiri a Chingerezi chosalala nsima isanapse. Koma kukayika si umboni. Tikaitana mwana pa nkhani yotere, tikumuitana kuti timve m'mene ntchito yake inabadwira. Sitikumuitana kuti adzavomere mlandu umene taugamula kale mumtima.

Ena mwayamba kuika zimangirizo m'mapulogalamu oti amazindikira zolembedwa ndi makina. Musawadalire. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inatulutsa chida chotere mu Januwale 2023, n'kuchichotsa yokha mu Julaye chaka chomwecho chifukwa chimalakwitsa kwambiri. Chaka chomwechi akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anayesa zida zisanu ndi ziwiri pa zimangirizo 91 za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Zopitirira theka zinanenedwa kuti ndi za makina, chikhalirecho analemba ndi anthu. Chifukwa chake n'chakuti zidazi zimayang'ana mawu ozolowereka, osavuta kuwalosera. Nanga ana athu timawaphunzitsa kulemba bwanji pokonzekera mayeso a MANEB? Timawaloweza pamtima mawu otsegulira ndime, olumikizira mfundo ndi otsekera. Mwana womvera kwambiri mphunzitsi wake ndiye amene chida chingamuloze chala. Kufunsa makinawo kuti "kodi unalemba ndiwe?" n'kopanda pakenso, chifukwa alibe njira yodziwira, ndipo amangoyankha.

Musanamuitane, khalani kaye pansi nokha. Tengani kope lake la ntchito za m'kalasi ndi pepala la mayeso a teremu yatha, muziike pambali pa chimangirizocho. Lembani mzere pansi pa malo enieni amene akukudabwitsani. Pali zizindikiro zolemera: buku lotchulidwa lomwe kulibe, mawu oti ananena munthu wina pomwe sananene, nkhani yoti ndi ya kumudzi kwawo koma yodzaza ndi zinthu zosapezeka kuno. Pali zopepuka: galamala yoyera, mawu akuluakulu, kulemba bwino kuposa kale. Ngati muli ndi zopepuka zokhazokha, kumbukirani kuti kulemba bwino kuposa kale ndi chimene timadzukira m'mawa kudzaphunzitsa. Onaninso zimene munanena popereka ntchitoyo. Ngati simunaletse chilichonse, lamulo lake simungalipange lero.

Musamutchule pamaso pa anzake, ngakhale mongocheza. Musamuitanirenso mu sitafu rumu nthawi ya tiyi, pomwe aphunzitsi khumi akumvetsera. Pezani kalasi yopanda anthu, chitseko chikhale chotsekula, ndipo ngati muli abambo pomwe wophunzira ndi mtsikana, pakhale mphunzitsi wamkazi pafupi. Mpatseni mpando. Mwana woimirira manja ali kumbuyo amadziwa kuti ali pa bwalo la milandu, ndipo amayankha ngati woimbidwa mlandu.

Muuzeni mwachindunji chimene mwamuitanira, osamutchera msampha. Mutha kunena motere: "Ndawerenga chimangirizo chako. Chikusiyana ndi zimene umalemba m'kalasi, ndiye ndakhala ndikudzifunsa ngati unathandizidwa ndi foni kapena munthu wina. Sindinagamule chilichonse. Ndikufuna undifotokozere m'mene unachilembera." Mukatero, khalani chete. Apa ndi pamene ambirife timalephera, timafulumira kudzaza chetecho ndi mafunso ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso anu akhale a ntchitoyo. Unayambira pati? Mfundo iyi unaimva kuti? N'chifukwa chiyani ndime ya njala unaiika patsogolo pa ya mitengo? Liwu ili likutanthauzanji? Mloleni ayankhe m'Chichewa, pakuti chimene mukufuna ndi maganizo ake, osati kuthwa kwa lilime lake m'Chingerezi. Mpempheni abweretse pomwe analemba koyamba, ngakhale patakhala pa chikuto cha kope la masamu. Ngati anatayipa pa Google Docs, pali Version history yoonetsa m'mene ntchito inakulira. Koma ambiri mwa ana athu amalemba pamanja ndipo mapepala oyeserera amayatsira moto, choncho kusowa kwake si umboni. Foni yake musailande kuti muifufuze.

Nkhope musaiweruze. Tinawalera kuti asayang'ane wamkulu m'maso, ndiye kuwerama sikusonyeza kanthu. Chaka chatha ndinakhala nawo pa nkhani ya mtsikana wina wa Fomu 4 amene analemba za kusefukira kwa madzi. Atangomva liwu loti "makina" anayamba kunjenjemera, n'kumangopotokola ngodya ya siketi yake, misozi ili chuchuchu. Mnzathu amene anali naye anaona ngati ndiko kuvomera. Titamupatsa nthawi, anapisa m'chikwama n'kutulutsa kope lakale lothimbirira, lodzaza ndi mawu amene wakhala akukopera m'manyuzipepala akale a ku laibulale kuyambira ali Fomu 2, lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa. Mawu onse amene tinawakayikira anali mmenemo, ndi deti lake. Tinamupepesa, komabe teremu yonseyo sanakwezenso dzanja m'kalasi. Zimandiwawabe.

Choncho musanene kuti "ukavomera ndikukhululukira, ukakana tipita kwa ahedi." Mwana wamantha amavomera chimene sanachite kuti angotuluka m'chipindamo.

Ena adzanena zapakatikati: "Sala, ndinalemba ndekha m'Chichewa, foni inangondimasulira," kapena "Madamu, inangondikonzera galamala." Mvetserani bwino, chifukwa zimenezi zikusiyana ndi kukopera chimangirizo chonse. Mufotokozereni malire ake, kenaka alembenso popanda thandizolo. Akavomera kuti anakopera zonse, muthokozeni ponena zoona, mufunse chimene chinamufikitsa pamenepo, ndipo tsatirani malamulo a sukulu monga timachitira ndi likasa, osawonjezera chipongwe.

Akakana, n'kufotokoza ntchito yake momveka, nkhani yathera pomwepo. Chongani chimangirizocho mwachilungamo, ndipo muuzeni ndi pakamwa panu kuti mwakhutira. Akakana koma n'kulephera kufotokoza, mulibebe umboni. Chimene mwadziwa n'chakuti sakumvetsa zimene wapereka. Mpatseni mutu wofanana nawo alembe m'kalasi kwa mphindi 40, ndipo mumuuze kuti si chibalo. Poyerekeza ziwirizi kumbukirani kuti cholemba mofulumira, mphunzitsi ali pambali, sichingafanane ndi cholemba kunyumba masiku atatu. Musachotse malikisi mwakabisira chifukwa choti mtima wanu sunakhazikike.

Mukatha kucheza naye, lembani tsiku, amene analipo, zimene munafunsa ndi zimene anayankha. Mumuwerengere, ndipo akonze pomwe mwamumva molakwika. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti chigamulo chomukhudza chitsate ndondomeko yachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Pepalalo mubweretse kwa ine tsiku lomwelo. Nkhani isapite kwa ahedi kapena kwa makolo, ndipo isakambidwe mu sitafu rumu, tisanalionere limodzi.

Ine mnzanu pa ntchito,
Mkulu wa dipatimenti ya zilankhulo