Kalata kwa Misozi

Kapata, Lachitatu usiku

Misozi mnzanga,

Ndayesa kukuimbira kanayi kuyambira pa Sabata, foni ikungolira yokha. Mauthenga anga pa WhatsApp ndikuona kuti akufika, koma suwatsegula. Sindikukudandaula ayi. Nchifukwa chake ndatenga pepala, ndipo mawa m'mawa Taonga akubweretsera panjinga asanapite kusukulu. Ukafuna uwerenge lero, ukafuna uyiike pansi pa pilo mpaka mtima utatsika.

Pa Sabata titatuluka m'tchalitchi ndinakuthamangira pansi pa mtengo wa mango uja. Unaima, nkundipatsa dzanja, nkuti, "Muli bwanji amake Taonga?" Misozi, chiyambire giredi 8, mu 2005, sunanditchulepo kuti inu. Ngakhale tsiku la ukwati wanga, apongozi ali pomwepo, unandinong'oneza kuti iwe Tisa weramitsa mutu. Ulemu wa pa Sabata uja unandilasa kuposa ukanandilalatira pamaso pa anthu. Ndinapita kunyumba nsima osaidya.

Ndikudziwa chimene unaona. Unaona pafoni zithunzi zimene Mwatitha anaika Lachisanu usiku: ife anayi pakhonde panga, tavala chitenje chofanana, mbale zili mbwee pamphasa. Loweruka unaonanso tili ku Mkaika, kumwambo wa Kulamba. Ndipo ndikudziwa kuti unawerenga mitu. Gulu limene lakhala la anthu asanu zaka zonsezi, pachithunzi panali anayi, onse akuseka ngati palibe akusowa.

Ndikuuze mmene zinayendera, zonse, popanda kuzikometsa.

Mwatitha anandiimbira kumayambiriro kwa Ogasiti kuti akubwera kuchokera ku Lusaka kudzaonerera Kulamba, ndipo akufuna agone kwanga. Ukudziwa kuti papita zaka zitatu asanaponde ku Chipata kuno. Anati tikumane tonse Lachisanu, tidye pamodzi, Loweruka m'mamawa tinyamuke kupita ku Katete. Tonse, Misozi. Dzina lako analitchula ndi pakamwa pake. Tinawerengera nkhuku ziwiri zakumudzi, zakumwa, chitenje ndi mafuta a motoka ya amuna ake a Eneless, zinafika K350 munthu mmodzi.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Ndinakumbukira tsiku lija mu Julaye pamene unabwera kwanga madzulo, nkukhala pampando wakukhitchini osavula nsapato, nkundiuza za belo la salaula lija. Unati utalitsegula unapeza nsanza zokhazokha, majuzi obooka ndi masiketi oti munthu sangagule ngakhale pa K5, pamene ndalama yake inali yangongole. Unandipempha kuti mwezi umenewo ndikuponyereko chilimba, ndipo unati, "Zikhale pakati pa iwe ndi ine." Ndiye nditamva K350 ija, mumtima ndinati, Misozi ndikamuuza adzavutika. Adzachita manyazi kukana, adzakakongolanso kwina. Ndinauza anzathu kuti, "Ulendo uno Misozi tisamuvutitse, zinthu sizili bwino kwa iye." Eneless anafunsa kuti bwanji, ine nkufotokoza za belo.

Ukuona tsono kuti ndinalakwa pawiri. Ndinakusankhira ngati mwana, osakufunsa. Kenaka chinsinsi chimene unandisungitsa ndinachiika pagulu. Chachiwirichi mwina sunachidziwe, ndipo ndikanatha kungochikwirira, koma sindikufuna udzachimve kwa wina kumsika. Uchimve kwa ine mwini wake.

Panthawiyo ndinkaona ngati ndikukuchitira chifundo. Masiku atatuwa ndakhala ndikuchitembenuza chifundo chimenechi usiku, ndipo ndapeza kuti mkati mwake munali ulesi ndi mantha. Kunali kosavuta kukusiya kusiyana ndi kubwera ku Mchini, kukhala nawe pansi nkunena kuti, "Mnzanga, pali ulendo, ndalama yake ndi iyi, tichite bwanji?" Mwina ukanati sindikwanitsa, pitani. Mwina ukanati chitenje ndisiyeni, ndibwera kudzadya nanu basi. Mwina ife anayi tikanagawana gawo lako, munthu aliyense osafika ndi K100 yomwe, monga mmene tinachitira Judith amuna ake atachotsedwa ntchito chaka cha chilala chija cha 2024, magetsi akuzima tsiku lonse, saluni yake ili chotseka. Judith palibe anamubisira kanthu. Tinamuuza, analira, tinaseka, tinapita naye. Iwe mwayi woti uyankhe wekha ndinakulanda. Yankho linali lako, kaya inde kaya ayi.

Chonde usasunge mkwiyo pa Mwatitha. Atangotsika basi funso lake loyamba linali lakuti Misozi ali kuti. Ndinamuyankha kuti watanganidwa. Bodza limenelo ndi langa. Anakubweretsera kachikwama kofiirira, kali m'kabati mwanga mpaka lero, ndipo pokwera basi Lolemba anandigwira mkono nkuti ndikakupatse pamanja. Zithunzi anaika osadziwa kuti iwe sunauzidwe nkomwe. Dzulo ndamuimbira ndamuuza zoona zake, ndipo wandikalipira mokwanira. Akufuna kukuimbira, koma ndamupempha adikire kaye kuti ndiyambe ine, poti moto ndinayatsa ndine. Eneless ndi Judith anangotsatira mawu anga chifukwa amadziwa kuti pa asanufe amene amakudziwa bwino ndi ine. Anandikhulupirira.

Sindikuuza kuti sitinasangalale, ungadziwe kuti ndikunama. Tinadya, tinacheza mpaka usiku. Koma pali zinthu ziwiri zimene chithunzi sichinaonetse. Potenga mbale m'kabati ndinatulutsa zisanu. Dzanja linangozolowera. Nditaziyala pamphasa ndinaona yotsalayo, ndinaibweza msangamsanga anzathu asanaone, ndipo pamenepo mtima unandiuza kuti Tisa wachita chinthu choipa. Nthawi inalipo. Inali isanakwane 18 koloko, Taonga akanatha kupalasa njinga nkukakutenga. Ndinaopa kuti ukafunsa chifukwa chake ndakuuza mochedwa, ndiye ndinakhala chete.

China ndi chiwawa chotendera. Ndinaphika ine, ndipo Judith atalawa anati, "Nsinjiro zachepa, Misozi akanakhalapo sakanalola." Onse anaseka, kenaka kunangoti zii. Palibe anayang'ana mnzake.

Ku Mkaika kunali anthu osaneneka, monga mwa chaka chilichonse Loweruka lomaliza la Ogasiti. Mafumu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno kwathu akudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, fumbi lili kobo, ng'oma zikumveka mpaka kumsewu waukulu. Gule atatuluka ndinakumbukira ulendo wathu woyamba, tili atsikana, tinakwera lole ya thonje chifukwa ndalama ya minibasi inatithera. Makanja atatulukira, wamtali ngati mtengo wa bulugamu, ine ndinathawa nkutaya patapata, iwe nkubwerera m'chikhamu muja kukaitola. Unabwera nayo uli mbuu ndi fumbi, ukundinena kuti ndine wamantha ngati si Mchewa. Loweruka lija ndinatembenuka kuti ndikukumbutse, pambali panga panali mayi wachilendo wobereka mwana.

Sindikulemba izi kuti undimvere chisoni. Wopwetekedwa ndiwe. Ndikungofuna udziwe kuti maganizo amene ndikudziwa kuti akukuzungulira usiku, oti mwina anzanga anditaya chifukwa ndasauka, mwina akhala akundinena kumbali, mwina ndinali wongokakamira pagulu, si oona. Ndikukudziwa, Misozi. Ukakhumudwa sulankhula, umangochapa zovala zoyera kale ndi kusesa pabwalo kawiri. Ndipo umayamba kuwerenga zakale zonse kufuna umboni woti sunkafunidwa. Usawerenge. Palibe msonkhano unachitika wokuchotsa. Panali pakamwa pamodzi, panga.

Ndipo ngati pali munthu amene sankayenera kukuchita zimenezi, ndi ine. Mu 2016, pobadwa Taonga, amayi anali kumudzi ku Chadiza, mvula itadula njira. Amene anagona pansi pachipatala chachikulu masiku anayi, atayala chitenje pasimenti, anali iwe. Unkandiphikira phala kunyumba nkubwera nalo m'fulasiki m'bandakucha, wapansi, ukudzisiyira malonda ako. Anamwino ankayesa ndiwe mkulu wanga, ndipo sitinawakonze. Tsiku limenelo sunandifunse ngati ndili ndi ndalama. Lero ine ndakuyeza ndi K350.

Madzi akatayika saoleka. Lachisanu lija lapita, sindingakubwezere, ndipo Mwatitha sabweranso mpaka mwina Khirisimasi. Sindikuuza kuti tikonzenso phwando lina loti tikupepesere, ndikudziwa kuti ungadane nazo, ungamve ngati tikukulipira. Chitenje sindinakugulire pambuyo pake pachifukwa chomwecho. Changa ndachipinda ndachiika pansi pa sutikesi, sindikuchifuna m'maso.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi: undilole ndibwere. Loweruka likubwerali ndikaweruka kumsika cha m'ma 15 koloko ndidzafika kwanu ndekha, popanda Eneless kapena Judith. Ndidzabwera ndi nthochi za ana ndi kachikwama ka Mwatitha. Ukafuna kundikalipira, undikalipire, ndidzakhala pansi nkumva zonse osadziteteza. Ukafuna kungokhala chete, tidzakhala chete, ndidzakuthandiza kusankha salaula ya pa Lolemba. Ukaona kuti nthawi sinakwane, umuuze Taonga mawa pomwepo kuti amayi ako asabwere, sindidzakwiya, ndidzafunsanso sabata yamawa.

Za chilimba cha Julaye usaziganize nkomwe pankhani iyi. Zija tinapangana kuti udzabweza zinthu zikayenda, ndipo zili pomwepo. Ndanena izi chifukwa ndikuopa kuti ungathamange kukakongola kwina kuti undibwezere msanga, usakhale ndi ngongole kwa munthu amene wakukhumudwitsa. Chonde usatero. Ndawauzanso Eneless ndi Judith kuti za belo zija sindinayenere kuwauza, ndipo zithere pomwepo. Andilonjeza.

Ndalakwa, Misozi. Pepa. Pepa chifukwa chokusiya, pepa chifukwa cha bodza, pepa chifukwa cha chinsinsi chako.

Upereke moni kwa atate ake Chisomo. Chisomo umuuze kuti buku la masamu lija analiiwala kwathu lili bwino, Taonga abwera nalo pamodzi ndi kalatayi. Chifuwa cha kamwana kaja chinatha? Ndinamva kakutsokomola m'tchalitchi.

Ndine mnzako,
Tisa