Kudziwitsa za kubedwa kwa akaunti yanga ya imelo ya kuntchito

Lachitatu, 12 Malichi 2025

Kwa Mkulu wa Nthambi ya Makompyuta

Bwana,

Munthu wachilendo walowa mu akaunti yanga ya imelo, ndipo ndikupempha kuti muitseke lero lomwe asanaononge zambiri.

Dzulo nthawi ya 9:40 m'mawa ndinalandira imelo yooneka ngati yachokera ku nthambi yanu, ya mutu wakuti "Your password expires today". Inali ndi chizindikiro cha kampani yathu pamwamba. Pa 9:43 ndinadina batani lolembedwa "Keep current password", pa laputopu ya kuntchito, ndili pa netiweki ya muofesi. Tsamba lomwe linatseguka linafanana ndendende ndi lomwe timalowera masiku onse, ndipo ndinalembapo imelo ndi pasiwedi yanga. Posakhalitsa pa foni panga panabwera nambala yotsimikizira ya manambala 6, nayonso ndinailemba pomwepo. Tsambalo linangozungulirazungulira kenaka n'kundibwezera ku imelo zanga. Palibe fayilo yomwe ndinatsitsa kapena kutsegula.

Ndazindikira lero pa 8:15, pamene mayi wina wa kampani yomwe imatigulitsa mapepala anandiimbira kufunsa chifukwa chomwe ndawatumizira invoisi usiku. Nditayang'ana mu Sent Items ndapeza imelo 14 zomwe sindinalembe ine, zotumizidwa pakati pa 11:05 ndi 11:20 usiku. Zitatu mwa izo zapita kwa makasitomala, kuwauza kuti tasintha akaunti ya kubanki ndipo azilipira ku nambala ina. Izi ndiye zandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mmodzi mwa iwo amayenera kutilipira Lachisanu lino. Mu Rules ndapezamonso lamulo lachilendo losamutsira ku RSS Feeds imelo iliyonse yokhala ndi mawu akuti "payment", n'chifukwa chake mayankho awo sindinawaone.

Pa 8:30 ndachotsa laputopu pa intaneti koma sindinaizimitse. Sindinafufute kalikonse, ngakhale lamulolo, kuti muone zonse mmene zilili. Makasitomala atatuwo ndawaimbira kuti asalipire, ndipo bwana wanga ndawauza kale. Pasiwedi sindinaisinthe, ndikudikira malangizo anu. Dziwaninso kuti pasiwedi yomweyo ndi imene ndimalowera mu pulogalamu ya malipiro a antchito.

Chonde tulutsani aliyense amene walowa mu akauntiyi, muone ngati sanalembetsepo foni yake yolandirira nambala zotsimikizira, komanso ngati anatsegula mafayilo a nthambi yathu. Anzanga awiri a muofesi muno akuti nawonso analandira imelo yomweyo, choncho ndi bwino muchenjeze onse msanga.

Kalatayi ndailemba pa kompyuta ya mnzanga. Musandiyankhe pa imelo yanga, mundiimbire pa foni ya muofesi. Ndili pano mpaka 5 koloko, ndipo laputopu ndibwera nayo mukangondiuza.

Ine wanu,
Chikondi
Nthambi ya Zachuma