Chidziwitso chokonzedwanso: njira zolipirira zomwe zikutha pa 1 Juni 2026

Kwa makasitomala athu onse ogula zipangizo zomangira ndi za usodzi pa sitolo yathu ya pa Mangochi Boma,

Chikalata chomwe tinamata pakhomo pa 11 Meyi chinali chachifupi, ndipo ambiri munachimva ngati tasiya kulandira ndalama za pafoni. Sizili choncho, ndipo pepani chifukwa cha chisokonezocho. Chidziwitso chino chikulowa m'malo mwa choyamba chija. Kuyambira Lolemba pa 1 Juni 2026, sitidzalandiranso cheke, ndalama zotumizidwa ku nambala ya wantchito wathu kapena dalaivala, ndi ndalama zakunja. Airtel Money ndi TNM Mpamba zikupitirira, koma kudzera pa nambala ya sitolo yokha.

Tiyambe ndi cheke. Cheke chikafika m'manja mwathu ndalama imakhala isanafike. Timachipereka kubanki n'kudikira masiku angapo kuti chitsimikizike, pamene simenti ndi malata zapita kale ku Namwera kapena ku Makanjira. Chimabwezedwa pa zifukwa zambiri, zina zosachita kufuna: muakaunti mulibe ndalama zokwanira, siginecha yasiyana ndi yomwe banki imasunga, ndalama yolembedwa m'mawu yasiyana ndi ya manambala, kapena wasaina munthu mmodzi pomwe amafunika awiri, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi makomiti a sukulu, mipingo ndi mizikiti. Chikabwezedwa, katundu amakhala ali kale pakhoma. Komanso omwe amatigulitsa katundu ku Blantyre amafuna ndalama yalowa asanapakire lole, ndiye sitingathe kuwadikiritsa.

Macheke omwe tinalandira kale tiwapereka kubanki monga tinagwirizana. Tsiku lomaliza kulandira cheke chatsopano ndi Loweruka pa 30 Meyi, ndipo katundu wake adzatuluka banki ikatsimikiza. Cheke cholembedwa tsiku la m'tsogolo lopitirira pa 30 Meyi musabwere nacho.

Nkhani yaikulu ndi ya manambala a antchito, ndipo apa tifotokoze bwinobwino. Chizolowezi chinakula choti munthu ali ku Monkey Bay kapena ku Malindi amaimbira mnyamata wa pakauntala yemwe amamudziwa, n'kumutumizira ndalama pa foni yake kuti amusungire ukonde kapena matumba a simenti. Sitikunena kuti antchito athu ndi osakhulupirika. Vuto ndi loti ndalama yotero silowa m'mabuku a sitolo mpaka iyeyo akaitape kwa ejenti, ndipo potapa imadulidwa, n'kufika pakauntala yoperewera. Akadwala, akataya foni kapena akasiya ntchito, inu mumakhala ndi uthenga wosonyeza kuti munalipira munthu, pamene ife tilibe chosonyeza kuti munalipira sitolo. Palinso akuba omwe amaimba foni akudzitcha antchito athu, n'kunena kuti nambala ya sitolo yavuta, tumizani pa iyi. Zikatero dulani foniyo. Wantchito wathu aliyense wauzidwa kuti asalandire ndalama ya kasitomala pa foni yake, ngakhale ya m'bale wake, ndipo kuyambira pa 1 Juni ndalama yotumizidwa motero sitidzaiwerenga ngati malipiro.

Pa chifukwa chomwecho, chithunzi cha pa WhatsApp kapena uthenga wopatsirana sizikhalanso umboni. Uthenga wotero aliyense angathe kuulemba pa foni yake n'kusintha manambala. Katundu azituluka ndalama ikaoneka pa foni ya sitolo kapena muakaunti yathu.

Za ndalama zakunja n'zachidule. Abale athu odutsa pa Chiponde amabwera ndi meticais, ndipo omanga nyumba ndi ndalama za achibale a ku Joni amabwera ndi ma randi. Ife tilibe chilolezo chosintha ndalama, chomwe amapereka ndi a Reserve Bank of Malawi, ndipo kukangana za mtengo wosinthira pakauntala kumachedwetsa mzere wonse. Sinthani kubanki kapena kumalo ovomerezeka, mubwere ndi makwacha.

Nazi tsono njira zomwe zikugwira ntchito.

Kashi ya makwacha tikulandira monga kale. Ikapitirira K1,000,000 tikupempha kuti mukaike kubanki muakaunti ya sitolo n'kubwera ndi silipi yodindidwa. Kuwerenga mitolo ya ma K5,000 anthu akuonerera si kwabwino kwa inu ngakhale kwa ife, makamaka ngati mwayenda nayo pa minibasi kapena pa kabaza.

Polipira pafoni, yambani mwatenga invoisi, chifukwa nambala ya sitolo yalembedwa pamwamba pake, komanso pa chikwangwani cha pakauntala. Sitinaiike m'chidziwitso chino mwadala, popeza chikajambulidwa n'kuyamba kuyenda m'magulu wina angathe kufufuta nambala yathu n'kuikapo yake. A Airtel Money imbani *211#, a Mpamba imbani *444#, musankhe polipira katundu, osati potumizira munthu ndalama. Lembani nambala ya sitolo ndi ndalama yomwe ili pa invoisi. Musanalembe nambala yanu yachinsinsi, werengani dzina lomwe latuluka: likhale la sitolo monga lilili pa invoisi. Likatuluka dzina la munthu, lekani pomwepo. Nambala yachinsinsiyo lembani nokha, ndipo wantchito wathu sayenera kukufunsani.

Netiweki ikavuta, uthenga wotsimikiza umachedwa. Musalipire kachiwiri. Onani kaye ndalama zotsala pa foni yanu. Ngati zadulidwa, tipatseni nambala ya umboni yomwe ili mu uthengawo, tiilemba pa invoisi ndipo katundu wanu timuika pambali mpaka ndalama ioneke. Mukalakwitsa nambala n'kutumiza kwina, imbirani kampani ya foni yanu nthawi yomweyo, chifukwa wolandirayo akatapa, kubweza kumavuta, ndipo ife sitingabweze ndalama yomwe sinafike kwa ife. Kumbukiraninso kuti akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama zomwe ingatumize pa tsiku. Oda yaikulu, monga injini ya boti kapena malata a nyumba yonse, ndi bwino kuilipira kudzera kubanki.

Makadi a banki tikulandira pa makina a pakauntala. Makina akatulutsa silipi yokana koma foni yanu n'kusonyeza kuti ndalama yachoka, sungani silipiyo mukaionetse ku banki yanu, poti ndi yomwe imabweza. Potumiza kuchokera ku akaunti yanu, lembani nambala ya invoisi pamalo ofotokozera cholinga cha ndalamayo. Mukangolemba "simenti", sitingadziwe kuti ndi ya ndani. Ndalama yochokera ku banki ina nthawi zina imaoneka mawa lake, ndipo yotumizidwa Lachisanu madzulo ingathe kufika Lolemba, choncho musachite hayala galimoto tisanakuimbireni.

Makomiti ndi mabungwe omwe malamulo awo amafuna osaina awiri, tengani invoisi yosonyeza mitengo, osainawo alembere banki yanu kalata yolamula kutumiza ndalama ku akaunti yathu. Mitengo ya pa invoisiyo tidzaisunga kwa masiku 7. Asodzi omwe muli ndi ngongole m'buku, ngongoleyo sikusintha. Tikudziwa kuti mwera ukayamba kuomba maboti amagona kumtunda, ndiye pitirizani kubweza pang'onopang'ono monga tinapangana, kungoti mudzere njira zili pamwambazi.

Malipiro alionse ali ndi lisiti, ndipo musatuluke pageti opanda lisiti. Ngati munatumiza ndalama kwa wantchito wathu koma katundu simunatenge, bwerani ndi foni yomwe munatumizira pasanafike pa 30 Meyi kuti tiilembe m'buku. Ofesi imatsegulidwa 7:30 m'mawa mpaka 5:00 madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, koma Lachisanu timatseka kuyambira 12:00 mpaka 2:00 masana chifukwa cha mapemphero a Juma.

Zikomo,
Oyang'anira sitolo
Mangochi Boma, 18 Meyi 2026