Mmene Haipothalamasi Imawongolera Kutentha kwa Thupi, Ludzu ndi Njala

Pansi pa ubongo, chapakati pa mutu, pali kachigawo kolemera magalamu pafupifupi 4 kotchedwa haipothalamasi, ndipo kunsi kwake kumalendewera kachiwalo kotchedwa pituwitale, kotulutsa mahomoni, amene ndi makemikolo onyamula uthenga kudzera m'magazi. Ngakhale kuti ndi yochepa chotere, haipothalamasi ndiyo imaonetsetsa kuti kutentha kwa thupi, madzi a m'magazi ndi mphamvu zimene thupi lasunga zisasinthe mopitirira malire amene maselo angapirire. Claude Bernard wa ku France anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1800 kuti moyo umadalira kukhazikika kwa m'kati mwa thupi, ndipo mu 1926 Walter Cannon wa ku America anatcha kukhazikikako dzina lakuti homiyositasisi.

Ntchitoyi imayenda mozungulira, uthenga wa zotsatira n'kumabwerera kumene lamulo linachokera. Ayironi yamagetsi imasonyeza bwino zimenezi: ikazizira, kanyali kake kamayaka ndipo moto umalowa, koma ikafika pa mlingo umene wosita anatchera imadzizimitsa yokha, chifukwa kutentha kumene inkafuna ndiko kumadulanso magetsi. M'thupi namonso muli maselo oyeza, muli malo oyerekezera muyezowo ndi mlingo woyenera, ndiponso muli ziwalo zochita zimene zalamulidwa. Vuto likakonzeka, uthenga umene unayambitsa ntchito umazilala, ndiye ntchitoyo imaima.

Pa kutentha kwa thupi, mlingowo uli pafupi ndi madigiri seshasi 37. Kutsogolo kwa haipothalamasi kuli maselo amene amamva kutentha kwa magazi odutsa pamenepo, ndipo amalandiranso uthenga wochokera pakhungu. Munthu akathamanga, minofu imatenthetsa magazi, ndipo haipothalamasi imalamula timitsempha ta pakhungu kuti titakasuke, magazi apite kunja kukataya kutentha, komanso kuti thukuta lituluke. Chimene chimaziziritsa thupi ndi kuuma kwa thukutalo pakhungu, kotero kuti tsiku lotentha lachinyontho limasautsa kuposa lotentha louma, popeza thukuta limangoyenderera osauma. Kukazizira, timitsempha tomweto timafinyika, zala zimachita dzanzi, thupi limachita tsemwe, kenako minofu imayamba kunjenjemera kuti ipange kutentha.

Chodabwitsa chimaoneka pa munthu amene watentha thupi chifukwa cha matenda. Muyezo ukusonyeza madigiri 38, mphumi ikuotcha, koma iye akugwedezeka mano ndi kupempha bulangete lachiwiri. Apa mzungulire uja ukugwira ntchito bwinobwino, kungoti mlingo wasunthidwa. Maselo oteteza thupi akakumana ndi tizilombo amatulutsa makemikolo amene amachititsa kuti mu ubongo mupangike kemikolo ina yotchedwa pulositagilandini, ndipo imeneyi imakweza mlingowo, mwachitsanzo kufika pa 39. Thupi limene lili pa 38 tsopano limaonedwa ngati lozizira, ndipo limalamulidwa kunjenjemera mpaka lifike pa mlingo watsopanowo. Mankhwala monga asipulini amachepetsa kupangika kwa pulositagilandini, mlingo umabwerera pa 37, ndipo wodwala uja, amene tsopano watentha kuposa mlingowo, amataya zofunda ali thukuta kamukamu. Zimene munthu amamva nthawi zonsezi ndi kusiyana kwa pakati pa kutentha kwa thupi lake ndi mlingo umene haipothalamasi ikufuna.

Ludzu limayamba madzi akachepa m'magazi poyerekeza ndi mchere. Magazi otere amakoka madzi kuchokera m'maselo, ndipo maselo ena apadera a m'dera la haipothalamasi akafwapa pang'ono amatumiza uthenga. Kusintha kwa 1 kapena 2 peresenti n'kokwanira kuwadzutsa. Cha m'ma 1950, Bengt Andersson wa ku Sweden anabaya timadzi tamchere m'haipothalamasi ya mbuzi zimene zinali zitamwa kale, ndipo mbuzizo zinayambanso kumwa ngati zakhala masiku osaona madzi. Uthengawo umabala zinthu ziwiri nthawi imodzi. Munthu amamva ludzu, ndipo homoni ya vazopuresini, imene imapangidwa m'haipothalamasi ndi kutulutsidwira m'magazi kudzera kumbuyo kwa pituwitale, imalamula impso kuti zibweze madzi m'magazi. Impso zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, koma mkodzo umangokwana lita imodzi ndi theka, ndipo vazopuresini ndiye amasankha kuchuluka kwa madzi otsiriza amene abwezedwe. Vazopuresini akachuluka, mkodzo umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri. Akasoweratu chifukwa cha kuvulala kwa dera limeneli, munthu angathe kukodza malita oposa 10 pa tsiku. Mowa umapondereza homoniyi, ndipo ndicho chifukwa china chimene womwa amakodzera pafupipafupi ndi kudzuka kukhosi kuli gwa. Magazi akachepa, monga munthu akavulala kapena kutsegula m'mimba, impso zimatulutsa kemikolo yotchedwa renini, imene imachititsa kuti homoni ya anjiyotensini ipangike ndi kukadzutsa ludzu mu ubongo.

Pali kanthu kena apa kamene chitsanzo cha ayironi sichingafotokoze. Waludzu akamwa makapu awiri, ludzu limatha asanaike n'komwe kapu pansi, chonsecho madziwo amatenga mphindi khumi kapena kuposerapo kuti asinthe mchere wa m'magazi. M'kamwa, pakhosi ndi m'matumbo mumachoka uthenga wotsogola wonena kuchuluka kwa zimene zamezedwa, ndipo ubongo umazimitsa ludzu usanaone zotsatira. Pakadapanda zimenezi, munthu akadamwa mopitirira muyezo nthawi zonse. Kwa okalamba ludzu limamveka mochedwa, motero ndi bwino kuwapatsa madzi asanapemphe.

Njala ndiyo yovuta kwambiri pa zitatuzi, ndipo mzungulire wake ndi wolekerera. Mu 1940 asayansi awiri, Hetherington ndi Ranson, anawononga mbali ya pansi chapakati ya haipothalamasi ya makoswe, ndipo makoswewo ananenepa koopsa. Mu 1951 asayansi ena, Anand ndi Brobeck, anawononga mbali ya m'mphepete, ndipo nyamazo zinasiyiratu kudya. Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsa kuti pali malo amodzi a njala ndi ena a kukhuta, koma tsopano zikudziwika kuti m'kadera kamodzi ka pansi pa haipothalamasi muli magulu awiri a maselo otsutsana, lina lolimbikitsa kudya ndi lina loletsa. M'mimba mukakhala mopanda kanthu, chifu chimatulutsa girelini, homoni imene inapezeka ku Japan mu 1999, ndipo imadzutsa gulu loyamba. Chakudya chikalowa, girelini amatsika, kutamuka kwa chifu kumamveka mu ubongo kudzera mu mtsempha wonyamula uthenga wotchedwa vegasi, ndipo matumbo amatulutsa mahomoni a kukhuta. Umenewu ndi mzungulire wa maola ochepa.

Mzungulire wina umayenda pa masabata ndi miyezi. Mafuta a m'thupi amatulutsa leputini, amene anapezeka mu 1994 ndi gulu la Jeffrey Friedman pa yunivesite ya Rockefeller ku New York, ndipo kuchuluka kwake m'magazi kumauza haipothalamasi kukula kwa nkhokwe ya mphamvu. Ana ochepa obadwa opanda homoniyi amakhala ndi njala yosatha ndipo amanenepa kwambiri akadali aang'ono, koma akabayidwa leputini njalayo imazilala. Ambiri anayembekezera kuti mankhwala a kunenepa apezeka, koma zinadziwika kuti anthu ambiri onenepa ali kale ndi leputini wochuluka, kungoti ubongo wawo sumvera kwenikweni uthenga wake. Leputini akatsika haipothalamasi imayankha mwamphamvu, pomwe akakwera imayankha mofooka. Munthu amene wachepetsa thupi podzimana chakudya amakhala ndi leputini wochepa, ndipo haipothalamasi imaona zimenezi ngati chilala: imakulitsa njala, imachepetsa mphamvu zimene thupi limawotcha munthu akangokhala, ndipo imapitiriza kutero kwa miyezi yambiri pambuyo pake.