Bajeti ya Teremu Yachiwiri: Lipoti la Komiti ya Zachuma ku Bodi ya Sukulu ndi Komiti ya Makolo

Kwa a Wapampando, mamembala a bodi, akomiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndi mphunzitsi wamkulu wa sekondale yathu yoyendera kuno ku Kasungu.

Bajeti iyi ndi ya miyezi inayi, Januwale mpaka Epulo. Taiwerengera pa ndalama zimene tikuyembekeza kuti zilowadi ku banki, osati zimene zikanalowa mwana aliyense akanalipira fizi yonse. Teremu ino imagwa m'nyengo ya njala: makolo ambiri ndalama zawo zili m'munda, mu feteleza ndi maganyu, ndipo fodya, soya ndi mtedza sizinafike pogulitsa. Tikupempha bodi iwerenge manambala onse ili ndi zimenezi m'maganizo.

Zolowa

M'kaundula muli ophunzira 320: Fomu 1 alipo 92, Fomu 2 alipo 84, Fomu 3 alipo 78, Fomu 4 alipo 66. Fizi ndi K150,000 pa teremu, ndipo sitikupempha kuti ikwere pakati pa chaka. Onse atalipira zingakwane K48,000,000, koma nambala imeneyi tisaiike m'mutu. Ophunzira 16 ali pa basale yathunthu (K2,400,000) ndipo 20 amalipira theka (K1,500,000 yochotsedwa). Yoti titolere ndi K44,100,000. Mabuku athu a mmbuyomu akusonyeza kuti teremu yachiwiri timatolera pafupifupi 85 peresenti sukulu isanatsekere, choncho taika K37,485,000.

- Fizi ya teremu ino: K37,485,000
- Ngongole za teremu yoyamba (theka la K3,600,000): K1,800,000
- Chopereka cha mpingo ndi ophunzira akale, cha basale chokha, chili kale ku banki: K900,000
- Zotsala mu akaunti: K615,000
- Zonse pamodzi: K40,800,000

Pali akufuna kwabwino awiri amene analonjeza pakamwa kuti athandiza. Sitinawaikemo. Ndalama yawo ikafika tidzabweretsa kalata yowonjezera ku bodi.

Makolo alipire katatu: K75,000 sabata yotsegulira, K45,000 Febuluwale asanathe, K30,000 pakati pa Malichi mayeso asanayambe. Malipiro onse adutse ku banki kapena pa nambala ya sukulu ya Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo kholo litenge risiti ya sukulu ku ofesi. Mphunzitsi asalandire fizi m'manja ngakhale kholo litamuchonderera pa msika. Ndalama zolipira pa foni zimasokoneza pamene kholo latumiza pa nambala ya mnansi osatchula dzina la mwana. Mlembi wa zachuma azifananitsa uthenga wa pa foni, buku la marisiti ndi sitetimenti ya banki Lachisanu lililonse, sabata isanadutse anthu asanaiwale.

Malipiro a aphunzitsi ndi antchito ena

Fizi timatolera katatu pa chaka koma malipiro ndi a miyezi 12. Ndiye kuti teremu iliyonse isenze miyezi inayi, ngakhale ana akhala m'kalasi masabata 13 okha. Sukulu zambiri zazing'ono zimagwera pomwepa: zimawerengera miyezi itatu, kenako mwezi wa tchuthi aphunzitsi salandira, ndipo potsegulira wa masamu wapita kale kwina.

Pa mwezi, mphunzitsi wamkulu alandira K520,000, wachiwiri wake K450,000, aphunzitsi 8 alandira K380,000 aliyense, ndipo 4 alandira K320,000 aliyense. Aphunzitsi onse 14 ndi K5,290,000. Mlembi wa zachuma K280,000, alonda awiri ndi wosamalira pamalo K160,000 aliyense, kuphatikiza K760,000. Onse pamodzi ndi K6,050,000.

Pamwamba pake pali zimene lamulo limalamula olemba ntchito. Penshoni: sukulu imaika 10 peresenti (K605,000) ndipo wantchito amadulidwa 5 peresenti pa malipiro ake. Msonkho wa TEVETA ndi 1 peresenti (K60,500). Mwezi umodzi tsono ndi K6,715,500, miyezi inayi K26,862,000. Msonkho wa PAYE sutiwonjezera ndalama chifukwa umadulidwa pa malipiro a munthu, koma si wathu: ufike ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Komiti ikukana mwamphamvu chizolowezi chobwereka ndalama ya PAYE kapena ya penshoni kuti tigulire mapepala. Kuchedwetsa ndalamazi kumabweretsa chindapusa, ndipo mphunzitsi amadzazindikira mochedwa kuti akaunti yake ya penshoni ili ndi miyezi yopanda kanthu.

Tilibe mphunzitsi wa fizikisi wokhazikika. Wobwera mwa apo ndi apo aziphunzitsa mapiriyodi 10 pa sabata, K5,000 iliyonse, masabata 13: K650,000. Azilipidwa potengera buku losainira, osati ndandanda ya pakhoma. Gawo lonse la malipiro likukwana K27,512,000, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yolowa, pafupifupi K67 yapita kale.

Zipangizo zophunzirira: K7,200,000

Mapepala amadya ndalama zambiri ndipo ndi amene amatha osadziwika kumene apita. Tawerengera chonchi: ophunzira 320, maphunziro 9 aliyense, mapepala 14 pa phunziro (a mafunso ndi oyankhirapo, mayeso a pakati pa teremu ndi otsekera). Akukwana 40,320, ndiwo marimu 81 a mapepala 500. Marimu ena 39 ndi a mayeso oyeserera a Fomu 2 ndi Fomu 4 pokonzekera JCE ndi MSCE, manotsi ndi ntchito za mu ofesi. Marimu 120 pa K18,000 ndi K2,160,000. Nambala imeneyi ikwanira pokhapokha mafunso akasindikizidwa mbali zonse ziwiri, ndipo rimu iliyonse yotuluka m'sitolo ikasainidwa ndi mkulu wa dipatimenti.

Choko mabokosi 60 pa K6,000 ndi K360,000. Chisungidwe pa shelefu, osati pansi pa simenti, chifukwa nyengo ya mvula chimanyowa n'kusiya kulemba. Tona 4 pa K95,000 ndi K380,000. Makaundula, mabuku okonzera maphunziro, zolembera zofiira ndi mamaka K400,000. Mankhwala ndi magalasi a mu labotale K1,500,000, poyambira zimene Fomu 4 ikufuna pa mayeso ochita ndi manja. Mabuku 150 pa K16,000 ndi K2,400,000, makamaka masamu, Chingerezi ndi bayoloje, kumene buku limodzi likugwiridwa ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Buku lililonse lidindidwe chidindo ndi nambala lisanalowe m'kalasi.

Chogula chilichonse choposa K300,000 chikhale ndi makotesheni atatu. Mtengo wa ku Lilongwe uwerengedwe pamodzi ndi thiransipoti yake, popeza nthawi zina wogulitsa wa pa boma pano amatsika tikaphatikiza zonse. Mitengo ikusintha msanga, choncho kotesheni ya mwezi watha isagwiritsidwe ntchito osaimbanso foni.

Zoyendetsera sukulu: K3,340,000

Mayunitsi a ESCOM K480,000, madzi K360,000, kukonza denga lodontha la Fomu 1, madesiki ndi zimbudzi K1,400,000, masewera ndi maulendo K600,000, zodula za banki, mafoni ndi maulendo a ofesi K500,000.

Basale

Basale ili pawiri ndipo tisaisokoneze. Gawo loyamba ndi fizi imene sukulu yakhululuka, K3,900,000. Imeneyi si ndalama yotuluka, tachotsa kale pa zolowa. Gawo lachiwiri ndi ndalama yeniyeni, K900,000, yomwe ndi K25,000 pa mwana aliyense mwa 36: makope, zolembera, yunifomu kwa amene yang'ambika, ndi mapadi a atsikana. Kukhululuka fizi kokha sikusunga mwana pa sukulu. Mtsikana wopanda mapadi amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo mnyamata wopanda kope amayamba kuthawira ku maganyu opalira. Zinthuzi zigulidwe ndi sukulu mopikula n'kugawidwa mosainira. Ndalama isaperekedwe m'manja, chifukwa m'Febuluwale pakhomo popanda ufa K25,000 singafike ku sitolo ya makope, ndipo palibe angadzudzule khololo.

Kasankhidwe kakhale kotere. Fomu ilembedwe ndi kholo kapena womulera mwana, isainidwe ndi a mfumu a m'mudzi. Anthu awiri, mmodzi wa komiti ya makolo ndi mmodzi wa gulu la amayi, akaone pakhomo: ndani akudyetsa banjalo, munda ndi waukulu bwanji, muli ana angati a sukulu, pali matenda okhalitsa kapena ulumali. Kalata ya a mfumu yokha si yokwanira, popeza mfumu imavutika kukana anthu ake, komanso si wamasiye aliyense amene ali wosowa, ndipo alipo ana a makolo amoyo amene akugona ndi njala. Membala amene ali pachibale ndi wopempha atuluke panja pokambirana dzinalo. Mayina asawerengedwe pa asembule kapena kumatidwa pa bolodi.

Wolandira basale asajombe popanda chifukwa masiku oposa 10 pa teremu. Sitikuika lamulo loti akhale pa nambala zoyambirira m'kalasi. Mwana woyenda makilomita 8 wopanda kadzutsa sangapikisane mofanana ndi wa pa tawuni. Opempha alipo 11 amene sitinathe kuwatenga. Mafomu awo mphunzitsi wamkulu awapereke ku ofesi ya zosamalira anthu ku khonsolo ya boma, ndipo akhale oyamba malo akapezeka.

Kayendedwe ka ndalama mwezi ndi mwezi

Fizi tikuyembekeza kuti ilowa motere: Januwale K17,000,000, Febuluwale K9,500,000, Malichi K8,000,000, Epulo K2,985,000. Choopsa chili mu Januwale. Akaunti imaoneka yonona, K18,515,000 tikaphatikiza zotsala ndi chopereka, ndipo dipatimenti iliyonse imabwera ndi mndandanda wake. Koma Epulo ali ndi malipiro a K6,715,500 pamene zolowa zake sizifika ndi theka lomwe. Chifukwa chake tikupempha kuti pofika pa 31 Januwale, K13,431,000, malipiro a miyezi iwiri, ikhale italipidwa kapena kusamutsidwira ku akaunti ya malipiro, ndipo Malichi asanathe malipiro a Epulo akhale atasungidwa onse. Pa K5,084,000 yotsala mu Januwale tigule choko, marimu 60, tona 2, makaundula, katundu wa basale, magetsi ndi madzi a mwezi umodzi, ndi kufolera denga ndi K700,000. Zimenezi ndi K3,840,000. Mabuku adikire Malichi.

Zotuluka zonse ndi K38,952,000, ndipo K1,848,000 ikutsala ngati yosungira zadzidzidzi. Ndi yochepa. Titatolera 75 peresenti m'malo mwa 85, tiperewedwa K4,410,000. Zikatero, tiyamba ndi yosungirayo, kenako mabuku asunthidwe kupita teremu yachitatu, ndipo K162,000 yotsala ichotsedwe ku masewera. Malipiro, mapepala a mayeso ndi katundu wa basale zisakhudzidwe.

Za kubweza ana chifukwa cha fizi: kholo liitanidwe kaye n'kusaina pepala la mgwirizano lonena tsiku ndi ndalama. Alimi a fodya aloledwe kumaliza ngongole akagulitsa ku Chinkhoma, a soya ndi mtedza akakolola. Wa Fomu 2 kapena Fomu 4 asabwezedwe sabata ya mayeso oyeserera. Kulipira ndi mbewu kapena mbuzi sitikulola, popeza tilibe nkhokwe ndipo mtengo wake umabutsa mikangano.

Vocha iliyonse isainidwe ndi anthu awiri mwa atatu: mphunzitsi wamkulu, msungichuma wa bodi, ndi wapampando wa komiti ya makolo. Cheke chosalembedwa kanthu chisasainidwe, ngakhale wosainayo akupita ku maliro kutali. Ndalama ya m'bokosi la ofesi isapose K100,000. Komiti idzabweretsa lipoti lofananitsa bajetiyi ndi zimene zachitikadi sabata yoyamba ya Malichi, ndipo m'pamene bodi idzagamule ngati mabuku agulidwe.

Tikupempha bodi ivomereze bajetiyi, ndondomeko yolipira katatu, ndi mndandanda wa ophunzira 36 umene waperekedwa kwa a Wapampando mu envulopu yomata.

Msungichuma, m'malo mwa Komiti ya Zachuma